Pakhoma amatha, pabwalo mpira sukuwoloka neti: ndalakwitsa pati pa sevu ya pansi?

Madamu_Sitandade6
Aphunzitsi anzanga ndi makochi muli muno, ndigawireniko nzeru. Teremu ino andipatsa atsikana a Sitandade 6 ndi 7 kuti ndiwayambitse volebo. Alipo 28, mipira ilipo itatu. Ndinayamba ndi sevu ya pansi, ija yomenya mpira chakumunsi mkono ukuchokera kumbuyo. Masabata awiri athunthu takhala tili pakhoma la kuseri kwa kalasi. Ndinalemba mzere ndi choko pa msinkhu wa neti ya akazi, mamita 2.24, ana n'kumaima mamita atatu kuchokera pakhomapo. Pofika Lachisanu pafupifupi onse amamenya pamwamba pa mzerewo, ine mtima mbee.

Dzulo ndinapita nawo pabwalo, ndikuwaimika kumzere wakumapeto. Anawolotsa ndi anayi okha. Ambiri mpira umagwa usanafike n'komwe pa neti, ena umakakodwa mu neti, wina anautumiza m'munda wa mbatata wa ahedi. Awiri andiuza kale kuti akubwerera ku netibo. Ndalakwitsa pati? Masewera a zoni ali m'masabata asanu akubwerawa.

Sipaika_wa_Ndirande
Madamu, sevu ya pansi ndi ya agogo imeneyo. Aphunzitseni ya pamwamba kamodzi n'kamodzi, mukungotaya nthawi.

Mai_a_Mapasa
Vuto ndi manja Madamu. Auzeni agwirizanitse manja onse awiri, zala zazikulu zigundane, zigongono ziwongoke, mawondo apindike. Mpira uzigunda pamikono osati pazala. Anga ankavutikanso choncho.

Madamu_Sitandade6
Mai a Mapasa zikomo, koma mukunenazo n'zolandirira mpira. Ine ndikufunsa za kuseva, poyambitsa masewera paja, ndi dzanja limodzi.

Mai_a_Mapasa
Aaa pepani, ndinawerenga ndili m'minibasi. Ndiye ndikhale chete ndiphunzire nawo.

Kochi_Wakale
Madamu, khomalo silinakunamizeni, koma linakuuzani theka la nkhani. Mwana wanu wadumpha kuchoka pa mamita atatu kufika pa mamita 9 tsiku limodzi. Bwalo ndi la mamita 18 m'litali, neti ili pakati, ndiye amene waima kumzere wakumapeto neti ili mamita 9 kutsogolo kwake, ndipo mpira uyenera kufika pamenepo udakali m'mwamba. Pakati pa khoma lanu ndi mzere umenewo pali makwerero atatu kapena anayi amene mwawalumpha.

Ndisanalongosole zambiri ndifunseko. Mpira ukagunda khoma umabwerera bwanji? Umabwerera kwa mwini wake mpaka kumupitirira, kapena umangotsetsereka n'kugwera m'tsinde mwa khoma? Komanso mipira itatuyo ndi ya volebo yeniyeni?

Madamu_Sitandade6
AKochi, ambiri umagwera pafupi ndi khoma, mwana amachita kuyenda kukautola. Mipira iwiri ndi ya volebo, wachitatu ndi wa miyendo, tinabwereka kwa anyamata.

Kochi_Wakale
Wa miyendowo ubwezeni lero lomwe. Wa volebo umalemera magalamu 260 mpaka 280, wa miyendo umaposa 400. Mwana ukamupweteka kawiri katatu amayamba kubweza dzanja asanamenye, ndipo chizolowezi chimenecho chimatsalira ngakhale mutamupatsa mpira wopepuka.

Za kugwera m'tsinde mwa khomazo, yankho lanu lili pomwepo. Anawo samamenya, amangoukankha kuti ukwere pamzere.

Wamasamu_KK
Ndilowererepo pang'ono, ine volebo sindiidziwa kwenikweni koma nditawerenga funsoli ndinatenga pepala. Tiyerekeze kuti dzanja la mwana likukumana ndi mpira masentimita 70 kuchokera pansi, ndipo mpira ukunyamuka chopendekera, pakatikati pa kupita m'mwamba ndi kupita kutsogolo. Mpira umene wangokwanitsa kudutsa mzere wa mamita 2.24 mwana ataima mamita atatu, khomalo mutalichotsa, ukanakagwa pa mamita 7 okha. Neti ili pa 9. Ndiye mwana amene mumamuwombera m'manja pakhoma uja, sevu yake yomweyo pabwalo ikugwa mamita awiri isanafike pa neti. Sanasinthe chilichonse, wachita ndendende zimene anaphunzira.

Tsono tengani sevu yabwino, yokagwa pakati pa mbali ya adani, mamita 13 ndi theka kuchokera kwa wosevayo. Imeneyo ikamadutsa pa mamita atatu imakhala ili kale pamsinkhu wa mamita atatu ndipo ikukwerabe. Imafika pachimake pafupifupi mamita anayi m'mwamba isanafike pa neti, ndipo pa netipo imadutsa ikutsika, ili pafupifupi mita imodzi pamwamba pake. Mphepo sindinaiwerengere, koma chithunzi chake n'chimenecho. Mzere wanu wa choko unali m'munsi kwambiri kwa munthu woima pafupi choncho.

Madamu_Sitandade6
Mayo ine. Ndiye masabata awiri onsewa ndimawaphunzitsa kugwetsa mpira pa mamita 7?

Kochi_Wakale
Sanapite pachabe, aphunzirapo kaimidwe ndi kukumana ndi mpira. Koma aWamasamu anena zoona, ngakhale ine ndinazidziwira m'fumbi osati papepala. Mukafuna kudzionera nokha, mawa tengani mwana mmodzi, mumuuze amenye monga amamenyera pakhoma koma pamtetete, inu muwerenge mapazi mpaka pamene mpira wagwa.

Mmene ndimachitira ine ndi motere. Sabata yoyamba khoma ndithu, koma la kumbali kwa buloko, lija lopanda mawindo losongoka kumwamba, chifukwa ndi lalitali. Ndimalemba mizere iwiri, wa neti ndi wina mita imodzi pamwamba pake, ndipo ndimawauza kuti wa m'munsiwo ndi wa ng'ona, mpira usayandikireko. Chimene ndimayang'ana kwambiri si pamene wagunda, koma mmene wabwerera. Ukabwerera molunjika kwa mwini wake, iye n'kuuwakha osasuntha kapena kuchita kubwerera m'mbuyo, ndiye kuti mkono wayenda mowongoka ndipo mphamvu ilipo. Ukabwerera chammbali, mkono wadutsa chopingasa thupi. Khoma ntchito yake ndi imeneyo, limakuuza msanga ndipo silifuna wotola mpira. Mwana akabweza mipira 8 mwa 10 kwa iye mwini, abwerere m'mbuyo phazi limodzi lalikulu. Akafika mamita asanu kapena 6 khoma latha ntchito, chifukwa sevu yabwino pamtunda umenewo iyamba kukwera pamalata.

Kenako pabwalo, koma osati kumzere wakumapeto. Awiriawiri, wina mbali ino wina mbali inayo, aliyense pa mzere wa mamita atatu uja wa osipaika. Wina aseva, mnzake awakha, nayenso aseva. Apa mwana amaona koyamba ulendo wonse wa mpira, kukwera ndi kutsika komwe, zimene khoma limabisa. Akawolotsa katatu motsatizana, mnzake n'kuwakha osathamanga, onse abwerere phazi limodzi. Akalephera kawiri motsatizana abwere kutsogolo phazi limodzi, popanda kukalipa. Mudzaona kuti pakutha pa tsiku ena ali pa mamita 7, ena akadali pa anayi, ndipo zili bwino choncho. Aliyense alembe pamene wathera ndi kamwala kapena kamtengo, mawa ayambire phazi limodzi kutsogolo kwa pamenepo.

Sipaika_wa_Ndirande
Zonsezi kuti mwana aphunzire sevu imene timu iliyonse yodziwa imailandira ikuseka? Ife kwathu woseva pansi timamuwerengera ngati watipatsa pointi.

Kochi_Wakale
Achimwene, inu mukukamba za anyamata a ndevu. Pa zoni ya pulayimale mapointi ambiri amabwera chifukwa wina walephera kuseva kapena walephera kulandira. Masiku ano mpira uliwonse ukafa pamakhala pointi, ndiye sevu yogwera mu neti ndi mphatso kwa adani. Timu imene ingowolotsa mipira yake yonse, ngakhale mofewa, imavuta kuigonjetsa pamsinkhu umenewu. Mtsikana wa zaka 11 kuti aseve pamwamba kuchokera mamita 9 m'masabata asanu, mwina awiri mwa 28 angathe.

Sipaika_wa_Ndirande
Awiriwo muwaphunzitse ndiye. Musawatsekere onse m'khola limodzi.

Kochi_Wakale
Pamenepo sindikutsutsani. Amene ya pansi yakhazikika, 9 mwa 10 kuchokera kumzere, ayambe ya pamwamba, ndipo nayonso iyambire kukhoma komweko.

Mphunzitsi_Kumudzi
Inu mukukamba za neti ndi mizere ngati aliyense ali nazo. Ife kuno neti inadyedwa ndi chiswe m'sitolo chaka chatha. Tinazika nsungwi ziwiri n'kumanga chingwe cha nayiloni, tinapachikapo timapepala ta shuga kuti chizioneka. Mizere timathira phulusa. Ubwino wa chingwe ndi woti mumachitalikitsa mmene mukufunira, ife chathu chimatenga ana awiriawiri kasanu ndi kamodzi nthawi imodzi. Komanso mumachitsitsa. Ndinayambira mamita awiri, ndikumakweza pang'onopang'ono ana osadziwa.

Madamu, ndi mipira iwiri ana 28, mwana aliyense amenya kangati pa ola? Kasanu? Pangani mipira yachikulunga yambiri, yopepuka, ya majumbo okhaokha osaikamo nsanza. Pakhoma sigwira ntchito chifukwa sidunda, koma pa awiriawiri pa mamita atatu kapena anayi imaphunzitsa mkono bwinobwino.

Nachisale_MZ
Nkhani ya mipira yandikhudza. Ife tinagula iwiri pamsika, yooneka bwino, sabata isanathe yonse inatupa mbali imodzi ngati dzungu. Alipo akudziwa kumene kuli yolimba yosaboola m'thumba?

Mphunzitsi_Kumudzi
Mwina munaipopa ngati tayala la njinga. Wa volebo sufuna mpweya wambiri, mukaukanikiza ndi zala zazikulu uzilowa pang'ono. Ndiye musamausiye padzuwa, kutentha kwa Okutobala mpweya umafutukuka msoko n'kumasuka.

Nachisale_MZ
Amapopa ndi mnyamata wa kabaza pa pampu yake, ndiye mwina ndi zimenezo.

Mai_a_Mapasa
Kkkk wa kabaza amadziwa mpweya wonyamula matumba awiri a chimanga basi.

Madamu_Sitandade6
Tibwerere kwa ana anga abale. Za mtunda ndamva. Nanga uja wa m'munda wa mbatata? Ali ndi mphamvu kuposa onse koma mpira wake umathawira kumanzere nthawi zonse. Ndipo alipo atatu amene mpira umangokwera m'mwamba n'kuwagwera pamutu.

Kochi_Wakale
Onsewo yang'anani dzanja logwira mpira, osati lomenya. Aphunzitsi ambiri maso amakhala pa lomenya, chonsecho wolakwa ndi mnzakeyo.

Tinene mwana wa dzanja lamanja. Phazi lamanzere kutsogolo, zala zake zitaloza kumene mpira ukupita. Mpira uli padzanja lamanzere, koma dzanjalo lidutse thupi, mpira ukhale kutsogolo kwa ntchafu yamanja, m'munsi pang'ono mwa chiuno. Pamenepo ndi pamene mkono wamanja umadutsa ukamayenda wokha monga umachitira poyenda pamsewu. Wa mbatata uja ndikukhulupirira amagwirira mpira pamchombo kapena chakumanzere. Mkono wamanja umachita kuutsatira kumeneko, ndiye umayenda chopingasa, mpira n'kupita kumanzere. Imani kumbuyo kwake muone. Akamaliza kumenya, dzanja lake lathera kuti? Likathera paphewa lamanzere, mwapeza vuto. Liyenera kuthera kutsogolo, pamsinkhu wa phewa kapena nkhope, litaloza kumene mpira wapita.

Atatu a m'mwambawo, dzanja lamanzere likunyamula mpira pamene lamanja likubwera, ngati likuuthawitsa. Pofika pokumana mpira uli pachifuwa, chigongono chapindika, dzanja lili pansi penipeni pa mpira, ndiye upita kuti kusiya kumwamba? Mankhwala ake ndimawauza kuti dzanja lamanzere ndi tebulo, tebulo siliyenda. Zikakanika ndimagwira ndekha mkono wamanzerewo pang'ono pokha, amenye kasanu, amve pamene mpira uyenera kukhala. Muwauzenso ayang'ane kabowo ka pampu mpaka atamenya, chifukwa ambiri maso amathamangira ku neti mpira usanachoke.

Amene mpira sukufika, nthawi zambiri si kuchepa mphamvu. Aima chilili, akumenya ndi mkono wokha. Thupi liyambire pa mwendo wakumbuyo pamene mkono uli kumbuyo, lisamukire pa wakutsogolo pamene mkono ukubwera. Mwana wowonda amene wadziwa kusamutsa thupi amaposa wojintcha woima ngati mtengo.

Wamanzere
Ndiponyepo yanga. Ine ndili mwana aphunzitsi anatiimika pamzere n'kunena kuti nonse phazi lamanzere kutsogolo. Ine ndimamenya ndi lamanzere, ndiye phazi ndi dzanja zinali mbali imodzi. Teremu yonse mpira wanga umapita kumene wafuna, ndinkangoti volebo si yanga. Anadzandizindikira ndi mnzanga ku sekondale. Madamu, mwa ana 28 simungalephere kupezamo wamanzere, ndipo ena amabisa chifukwa kunyumba amawakalipira akamadyera dzanja limenelo. Apatseni mwala aponye, muone dzanja limene atolere. Ndipo musamati lamanzere kapena lamanja, muziti phazi la mbali imene kuli mpira.

Madamu_Sitandade6
Ndili naye mmodzi ndikumuganizira. Amalemba ndi lamanja koma pa fulaye amaponya ndi lamanzere.

Nachisale_MZ
Funso langa ndi la dzanja lomenyalo. Chibakera kapena chikhatho? Ine ndimaphunzitsa chibakera chifukwa mpira umapita patali.

Kochi_Wakale
Umapita patali koma kumene wafuna wokha. Chibakera chili ndi mabampu, mpira ukagunda pa mfundo ya chala kapena pa chala chachikulu umakhota. Ine ndimafuna tsinde la chikhatho, polimba paja pafupi ndi povala wotchi, dzanja lotambasula koma lolimbitsa.

Nachisale_MZ
AKochi, ana anga ang'onoang'ono akatambasula dzanja amamenya ndi zala, kumangomveka phwa, mpira osapita. Ndikawauza afumbate, chala chachikulu chikhale pambali osati pamwamba, mbali ya zikhadabo iyang'ane kutsogolo, pamakhala pafulati ndithu ndipo amawolotsa. Ndayesa zonse ziwiri.

Kochi_Wakale
Chimene mukufotokozacho ndi chibakera chatheka, ndipo pogunda mpira ndi pomwe ndikunena ine, tsinde la chikhatho, kungoti zala mwazipinda. Chimene ndimakana ndi chija chomenyera mbali ya chala chachikulu ngati akukhoma msomali chozondoka. Komabe ine ndimakonda lotambasula, chifukwa akadzayamba ya pamwamba dzanja limakhala lozolowera kale.

Nachisale_MZ
Ya pamwamba tidzaiona ikadzafika. Panopa ndikufuna mpira uwoloke.

Lefa_wa_Zoni
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma nkhani ya tebulo ija yandidzutsa. AKochi, lamulo limati mpira uponyedwe kapena usiyidwe kuchoka m'dzanja usanamenyedwe. Kuumenya uli chikhalire padzanja n'kulakwa. Mukawaphunzitsa kuti tebulo siliyenda, adzafika kwa ine akumenyera m'manja, ine ndidzaimba.

Kochi_Wakale
Zoona aLefa, ndinasiyira panjira. Tebulolo silikwera, koma limachoka. Mkono womenya ukatsala pang'ono kufika, dzanja logwira limangotsika n'kupita pambali, mpira n'kutsala wokha m'malere kanthawi kochepetsetsa. Kuponya m'mwamba ndiye ayi, chifukwa mwana wongoyamba sangaponye mofanana kawiri, ndipo sevu iliyonse imasanduka yatsopano.

Mphunzitsi_Kumudzi
Ine masabata awiri oyamba ndimawalola kumenyera padzanja. Kuchotsa dzanja ndimadzaphunzitsa mkono ukakhazikika. Zinthu ziwiri nthawi imodzi zimawasokoneza. Ndiponso kunena zoona, pa zoni yathu palibe lefa anaimbapo zimenezo.

Lefa_wa_Zoni
Pa zoni ambiri timatsinzina, n'zoona, apo ayi masewera sangathe. Koma mukapambana n'kupita pa boma mudzakumana ndi wina wosatsinzina, mwana adzaimbidwa kawiri, kachitatu adzaponya mpira m'mwamba mwamantha n'kuuphonya. Chimene wazolowera masabata awiri sichichoka ndi mawu a tsiku limodzi.

Mphunzitsi_Kumudzi
Kwa ine chimachoka. Mwina ana anu ndi ena.

Lefa_wa_Zoni
Tisiye pamenepo. Madamu, poti mukupita ku mpikisano, zina zimene ndimaimba kawirikawiri ndi izi. Phazi likaponda mzere wakumapeto panthawi imene akumenya, mpira wapita kwa adani. Akamenya kale akhoza kulowa. Ana ophunzira kusamutsa thupi amaponya phazi kutsogolo, ndiye aziima phazi limodzi kumbuyo kwa mzere, kutanthauza kuti makwerero a aKochi aja asathere pa mamita 9, afike pa 10. China, adikire wezulo, ndipo ikalira ali ndi masekondi 8. Ndi nthawi yambiri, koma ana amamenya wezulo isanatuluke n'komwe mkamwa. Chinanso, akausiya mpira n'kuuwakhanso kuti ayambirenso, mwayi wachiwiri palibe.

Mai_a_Mapasa
Ndipo ukakhudza neti ndiye wafa, eti? Ife tinkatero.

Lefa_wa_Zoni
Munkatero kale Mai, lamulolo linasintha zaka zoposa 20 zapitazo. Ukakhudza neti n'kugwera mbali ya adani, uli moyo. Muwauzenso olandira, chifukwa amangoima kuuyang'ana.

Kochi_Wakale
Za wezulozo zandikumbutsa khwerero lomaliza, limene ndinaliphunzira mochita manyazi. Chaka china ndinali ndi mtsikana amene pophunzira amawolotsa 10 mwa 10. Tsiku la masewera, anthu atazungulira bwalo, anyamata akuimba nyimbo zonyoza kumbuyo kwake, sevu zake zitatu zoyamba zonse mu neti. Vuto linali langa. Pophunzira amaseva khumi motsatizana, woyamba ukalakwika amakonza pa wachiwiri. M'masewera umaseva kamodzi, utatha kuthamanga, mwina papita mphindi zisanu chisevereni.

Ndiye masabata awiri omaliza musamawapatse mipira khumi. Agaweni matimu, azisewera zenizeni, ndi wezulo, ndi kuzungulira malo, ndi kuwerenga mapointi. Koma aliyense aseve kuchokera pa kamwala kake. Amene ali pa mamita 6 alowe m'bwalo asevere pa 6, masewera apitirire. Mukawakakamiza onse kumzere, masewera amasanduka kutola mipira, ndipo olandira saphunzira kanthu. Mupatsenso aliyense kamwambo kake wezulo ikalira, monga kudunditsa mpira kawiri, kupuma kamodzi, kuyang'ana kabowo, kumenya. Kazikhala komweko nthawi zonse, kuyambira lero pakhoma.

Zolozera malo, monga kuyala chitenje pakona kuti aziugwetsera mpira pamenepo, zisungireni okhawo amene afika kale pa 10. Enawo chandamale chawo ndi pakati pa bwalo basi.

Wamasamu_KK
Pakatipo mpabwino chifukwa pali malo olakwira mbali zonse, mamita anayi ndi theka kumanja, kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo. Woloza pa neti akaperewera pang'ono basi wagwa.

Madamu_Sitandade6
Ndabweranso patatha masabata awiri ndi theka kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Choyamba ndinayesa zowerenga mapazi zija. Mwana wanga wodalirika pakhoma anagwetsa mpira pa mapazi anga 8, ndipo anga ndi aafupi. AWamasamu, pepala lanu silinaname.

Tinabwerera kukhoma masiku atatu okha, la kumbali, mzere wapamwamba. Ahedi anadandaula kuti tikudetsa laimu ndiye tinasamukira pachingwe msanga kuposa mmene ndinafunira. Tinakulunga mipira 9 ya majumbo. Lero kuchokera kuseri kwa mzere wakumapeto akuwolotsa 17, osachepera katatu mwa kasanu. Asanu ndi awiri ali pakati pa mamita 6 ndi 8. Wa mbatata uja analidi kugwirira mpira pamchombo, tsopano ndiye woseva woyamba. Wa fulaye uja ndi wamanzeredi. Mwa awiri a netibo aja wabwerera mmodzi.

Atsala atatu amene akanirira pa mamita asanu. Mmodzi wa iwo ndi wamtali bwino, amalandira mpira kuposa onse, ndikumufuna mu timu. Pa mamita asanu sevu yake ndi yoyera. Ndikangomubweza phazi limodzi amasintha zonse, amathamangitsa mkono, amapotoza thupi, mpira n'kupita chammbali. Ndatani naye ameneyu?

Kochi_Wakale
Phazi limodzi kwa iyeyo ndi lalikulu. Akuona mtunda n'kuganiza kuti pakufunika sevu ina. Musamuuze kuti wabwerera, muzisuntha kamwala kake theka la phazi iye asanafike. Kapena musiyeni pa asanu pomwepo koma mnzake wowakha apite kutali, mpaka kumzere wakumapeto wa mbali inayo. Akamafikitsa mpira kumeneko ndiye kuti waponya mamita 14, ndipo mudzamuwerengere pamaso pake kuti kuchokera kumzere akufunika ochepa kuposa amenewo.

Lefa_wa_Zoni
Zikakanika pofika tsikulo, mukhoza kumulowetsera wina ikafika nthawi yake yoseva, iye n'kudzabwereranso pamalo pake pomwepo, koma zimatheka kamodzi pa seti. Mufunse okonza masewera a zoni yanu ngati akutsata lamulo limeneli, ena amaika awoawo.

Mphunzitsi_Kumudzi
Kapena asevere kumene kukuchokera mphepo mukapata tosi kkkk. Bwalo lathu masana mphepo imawombera kumodzi, mbali ina ana onse amakhala akatswiri.

Sipaika_wa_Ndirande
Wamtaliyo mundipatse ine. Mwina ya pansi si yake, muyeseni ya pamwamba muone.

Madamu_Sitandade6
Ndiyamba ndi ya mnzake wopita kutali ija Lolemba. Ikakanika pofika Lachinayi, aSipaika, ndimuyesa yanuyo pakhoma ahedi akapita ku msonkhano.